Tchuthi Choyamba cha Amesenjala

Pa kampani yomwe ndinkagwirako ntchito ku Limbe, m'zaka za Chitaganya, mafomu a tchuthi ankakhala m'dirowa yanga yachiwiri. Kampaniyo inali yopikulitsa katundu wobwera pa sitima: nsalu, mabulangete, sopo, makasu. Ine ndinali kalaliki wamng'ono, wa Sitandade Sikisi, wodzimva chifukwa cha tayi ndi taipulaita. Ntchito ya mafomuyo anandisiyira akalaliki aakulu, mkulu wa mpingo wa kwathu ku Soche, atatopa nayo. Ine ndinailandira ndi manja awiri, pakuti ndine munthu wokonda kudziwa za anzanga, ndipo fomu ya tchuthi imaulula zambiri.

Fomuyo inali ya Chingerezi, tsamba limodzi, magawo atatu. Gawo lapamwamba linali la wopempha: dzina, ntchito, tsiku loyamba ntchito pakampani, mtundu wa tchuthi, masiku angati, kuyambira liti mpaka liti, tsiku lobwerera, ndi kumene adzapezeke pa nthawi ya tchuthiyo. Gawo lapakati linali langa, lolembapo masiku amene munthu ali nawo ndi tchuthi chimene anatenga komaliza. Lapansi linali la akalaliki aakulu ndi la bwana, mzungu woyang'anira kampaniyo. Fomu inkalembedwa pawiri, kaboni pakati, ndipo inkapita kwa bwana ndi kakalata kakafupi koiperekeza, kutatsala milungu iwiri. Ambiri mwa anzathu sankalemba Chingerezi, motero ankaima pambali pa tebulo langa, ine n'kumafunsa, iwo n'kumayankha.

Ndinkawadziwa onse pamene amapunthwira. Wina ankawerengera Lamulungu m'masiku ake, pamene kampani inkawerenga Lolemba mpaka Loweruka basi, ndiye ankadzibera yekha tsiku. Wina ankaika tsiku limodzi lomwelo pa mzere wa tsiku lotsiriza la tchuthi ndi pa mzere wa tsiku lobwerera, n'kudzakangana ndi kapitawo pa geti. Tikafika pa mzere wa kumene adzapezeke, ndinkangoti, "Mudzi, mfumu, boma," osadzutsa n'komwe mutu. Umu ndi mmene anandiphunzitsira, ndipo aliyense ankayankha ngati katekisimu.

Tsiku lina ndikukonza mafayilo ndinapeza ina yopyapyala modabwitsa. Inali ya amesenjala athu, bambo wachikulire wa imvi za m'mbali, amene tsiku lililonse ankapalasa njinga ya kampani kuchoka ku Limbe kupita ku Blantyre ndi chikwama cha makalata. M'fayilomo munali pepala lowalembera ntchito ndi lina lowapatsa yunifolomu. Fomu ya tchuthi munalibe ngakhale imodzi, chikhalirecho anali atagwira zaka zisanu ndi zinayi. Ndinagwedeza fayiloyo poganiza kuti mwina mapepala amatirirana, koma sipanagwe kanthu.

Nkhaniyi inandikhala pamtima. Munthu wanji wosafuna kupuma? Ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Ndinkaganiza kuti mwina anathawa mlandu kwawo, kapena anasiya mkazi wina amene akuwadikira ndi munsi. Ndinafunsa akalaliki aakulu, iwo anangoti, "Sanapemphe. Ukufuna tizikakamiza anthu kupuma?" Yankho limenelo silinandikhutitse. Cha kumapeto kwa Sepitembala ndinaona chinanso: amesenjala, amene kale ankafika geti isanatsegulidwe, anachedwa kawiri mlungu umodzi, ndipo m'zikhadabo zawo munali dothi lofiira. Bwana anawachenjeza pamaso pa tonse kuti kachitatu sikadzakhalako.

Masana a tsiku lomwelo, anzathu atatuluka kukadya, anabwera pa tebulo langa atagwira chipewa m'manja.

"Akalaliki, ndifunseko. Munthu akadwala, amamupatsa masiku angati?"

"Mwadwala, bambo?"

"Iyayi. Ndikungofunsa."

"Wodwala amabweretsa chikalata cha dokotala. Inu mukudwala chiyani chofiiritsa zikhadabo?"

Anayang'ana manja awo n'kuseka pang'ono. Kenako anandiuza. Anali atapatsidwa kamalo ku Chilobwe ndipo ankamanga nyumba ya zidina, njerwa zosaotcha. Akazi awo ndi ana anayi ankakhala m'chipinda chimodzi kwa mlamu wawo, ndipo chipindacho chinkafunika mwezi wa Disembala, pakuti mwana wa mlamuyo amakwatira. Khoma la mbali imodzi linali lisanafike pamwamba. Milimo, nsungwi ndi mitolo ya udzu zinali zitaunjikidwa pabwalo. Nthawi yomangira anali nayo Loweruka masana ndi m'mamawa asanabwere kuntchito, chifukwa Lamulungu sankagwira khasu kapena chikombole, anali Mkatolika wosanyengerera. Aliyense wa ku Blantyre amadziwa chimene mvula ya Novembala imachita ndi zidina zopanda denga: imazibwezera kudothi kumene zinachokera.

"Nanga bwanji osatenga tchuthi?" ndinafunsa. Funso limeneli linali litandiyabwa pakamwa milungu itatu.

"Tchuthi n'cha anthu a kwawo, akalaliki."

"Inu mulibe kwanu?"

Anakhala pa benchi, chinthu chimene sankachita mu ofesi. Anati makolo awo anawoloka malire kuchokera kwa Apwitikizi iwo asanabadwe, n'kukhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, akugwira thangata. Iwo anabadwira pamenepo. Bambo awo atamwalira, banja linauzidwa kuti lichoke, ndipo pamene panali nyumba zawo anadzalapo tiyi. Kutsidya kwa malire sanapiteko chibadwire. Chaka chawo choyamba pakampani anapempha fomu kwa kalaliki amene analipo ine ndisanabwere. Atafika pa funso la mudzi, mfumu ndi boma, anasowa chotchula, ndipo kalalikiyo anawabwezera pepala n'kunena kuti akabwere akadzakumbukira kwawo. Anthu a m'sitolo anaseka, wina n'kuponyapo dzina lija lonyoza limene anthu ochokera kutsidya ankatchulidwa nalo. Iwo anapinda pepalalo, ndipo sanapemphenso.

"Mukanangotchula mudzi uliwonse," ndinatero. "Ndani akanapita kukaona?"

"Pansi pa pepala paja amati wolemba bodza achotsedwa ntchito. Anandiwerengera. Komanso ine kusaina bodza ndi dzanja langali, ayi."

Ndinapsa mtima, ndipo sindinadziwe woti ndimupsere. Kalaliki ujayo anali atachoka kalekale. Komanso mawu ake anali omwewo amene ine ndinkanena tsiku lililonse. Amesenjala atatuluka ndinatulutsa fomu imodzi n'kuiwerenga ngati sindinaionepo. Mzere ujawo sunkafunsa mudzi, sunkafunsa mfumu. Unkangofunsa kumene munthu adzapezeke ali pa tchuthi. Ndinatembenuza pepala, ndinawerenga malamulo a tizilembo ting'onoting'ono a kuseri, onse mpaka pansi. Panalibe ponena kuti wa tchuthi ayenera kupita kumudzi. Ife makalaliki ndife tinaphatikizapo zimenezo, chifukwa aliyense amene tinkamudziwa akapuma ankakwera basi kapena sitima. Ndinapezanso lamulo lina limene linandiwawa: masiku osatengedwa ankasungika a zaka ziwiri zokha. Mwa zaka zisanu ndi zinayi, amesenjala anali ndi masiku makumi awiri ndi anayi. Ena onse anali atapita ngati madzi a mumtsinje wa Mudi.

Ndinatenga fomuyo kupita nayo kwa akalaliki aakulu, chala changa chili pa mzerewo. Iwo anavala magalasi, anawerenga, anavula magalasi.

"Zoona, sipakunena mudzi. Koma mwana wanga, unamuonapo ndani akutenga tchuthi n'kukhala m'tauni momwemuno? Werenga lamulo lachisanu."

Ndinali nditaliwerenga. Linkati kampani ikhoza kuitana munthu wa pa tchuthi ntchito ikavuta, masiku otsalawo n'kumusungira.

"Wa ku Mzimba samuitana, chifukwa telegalamu ikamafika tchuthi chatha. Wa ku Chilobwe adzamuitana ngakhale kudzamata envelopu. Mulembere Mulanje, atchule mfumu iliyonse. Apezanso ndi masiku a ulendo."

Mkulu wa mpingo ameneyo! Ndinawauza kuti mwiniwake wakana kale bodza. Anapukusa mutu n'kunena kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ndisadzati sanandiuze.

M'mawa mwake, amesenjala asananyamuke ndi makalata, tinakhala pansi ndi fomu. Ndinaika mapepala awiri ndi kaboni mu taipulaita. Dzina ndi ntchito sizinavute. Tsiku loyamba ntchito iwo ankalikumbukira kuti ndi chaka chimene mwana wawo wachiwiri anabadwa, koma ine ndinalikopera m'fayilo, pakuti zolembedwa pa fomu ziyenera kufanana ndi za m'fayilo. Pa mtundu wa tchuthi ndinasiya cha pachaka n'kukhwatcha cha matenda ndi cha maliro. Pa masiku tinakambirana. Iwo anawerenga pa zala: mlungu umodzi kutsiriza khoma, wina kupachika milimo ndi kumanga phaso, wachitatu kufolera. Milungu itatu ndi masiku khumi ndi asanu ndi atatu ogwira ntchito. Ndinatsitsa kalendala pakhoma kuti tiloze limodzi. Kuyamba Lolemba la pakati pa Okotobala, kuti milungu iwiri ya chidziwitso ikwane. Tsiku lotsiriza Loweruka la mlungu wachitatu. Kubwerera Lolemba lotsatira.

"Lolemba limeneli mulisunge m'mutu, bambo. Mukafika Lachiwiri, alemba kuti mwajomba."

"Ndidzafika tambala asanatsike."

Tinafika pa mzere uja. Pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka katekisimu wa masiku onse, koma ndinadzigwira.

"Munthu atafuna kukupezani, apite kuti?"

"Ku Chilobwe."

"Chilobwe ndi yaikulu. Nambala ya nyumba?"

Anandiyang'ana ngati ndawafunsa nambala ya nkhuku. Anati munthu akafika pa chigayo akhotere kuphiri, adutse mtengo wa mango waukulu, ndipo aona nyumba yopanda denga. Ndinaganiza kaye, kenako ndinataipa momwemo m'Chingerezi changa: Chilobwe, kumtunda kwa chigayo, nyumba yatsopano yopanda denga. Zinali zoona, ndipo munthu akanatha kufika nazo. Pa gawo langa ndinalemba masiku makumi awiri ndi anayi amene anali nawo, asanu ndi limodzi amene adzatsale, ndipo pa tchuthi chomaliza ndinalemba kuti palibe. Iwo anasaina mapepala onse awiri ndi inki, pang'onopang'ono, lilime lili panja.

Kalata yoperekeza ndiyo inandichititsa manyazi. Ndinafuna kuti bwana agwetse misozi, ndiponso, kunena zoona, ndinafuna aone Chingerezi changa. Amesenjala nawo anafuna kuti ayambe ndi malonje, afunse za moyo wa dona ndi ana, chifukwa munthu sungafike pakhomo pa wamkulu n'kuyamba ndi pempho. Tinagwirizana bwino kwambiri. Ndinalemba masamba awiri: malonje, thangata, tiyi wa ku Thyolo, ana anayi m'chipinda chimodzi, mitambo ya Novembala, ndi mawu aatali anayi amene ndinawatola mu dikishonale. Nditawawerengera m'Chinyanja, amesenjala anapukuta m'maso n'kunena kuti sankadziwa kuti anavutika chotero.

Akalaliki aakulu anawerenga tsamba loyamba lokha.

"Uwu ndi ulaliki. Bwana amawerenga makalata ataimirira, chipewa chili kumutu. Akaona masamba awiri aika pansi pa thireyi, ndipo mvula idzagwa kalata ili pomwepo." Anatenga pensulo yofiira. "Akufuna adziwe zinthu zinayi. Ukupempha chiyani, liti mpaka liti, chifukwa chiyani, ndipo makalata ake anyamula ndani."

Funso lachinayilo sindinaliganizireko n'komwe. Tinapita kwa kapitawo wa m'sitolo, ndipo anavomera kubwereketsa mmodzi wa anthu ake onyamula katundu, bambo wodziwa njinga ndi kuwerenga maadiresi. Ndinataipanso kalata. Pamwamba tsiku, kenako kwa bwana, kudzera kwa akalaliki aakulu, ndi mutu wakuti pempho la tchuthi cha pachaka. Thunthu lake linali ziganizo zinayi. Ndikupempha tchuthi cha masiku khumi ndi asanu ndi atatu, kuyambira Lolemba lakuti mpaka Loweruka lakuti, monga zilili pa fomu ndaphatikayi. Ndikufuna kufolera nyumba yanga mvula isanayambe. Kapitawo wavomera kuti wakutiwakuti anyamule makalata, ndipo ndidzamuonetsa njira ndisanachoke. Ndidzabwerera Lolemba lakuti.

Amesenjala anamvetsera, nkhope itagwa. Anati kalatayo ndi youma ngati chimanga chokazinga, ndipo bwana adzati iwo ndi munthu wopanda mwambo. Ndinawauza kuti ulemu wa azungu uli pa mawu awiri apamwamba ndi awiri apansi, ndipo onsewo alipo. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tiwonjezere kuti aka n'koyamba kupempha pa zaka zisanu ndi zinayi. Ndinati zili kale pa fomu. Anati pa fomu ndalemba ine, koma m'kalata akufuna anene okha. Akalaliki aakulu anang'ung'udza, koma analola chiganizo chachisanu. Ndinabaya kalata ndi fomu ndi phini, akalaliki aakuluwo anasaina gawo lawo, n'kulowa nazo kwa bwana.

Panapita masiku awiri. Lachitatu lake bwana anatuluka mu ofesi yake pepala lili m'manja, n'kufunsa amene anataipa adiresi. Ndinaimirira. Anandifunsa ngati ndikuchita nthabwala pa fomu ya kampani. Ndinayankha kuti ku Chilobwe kulibe manambala, ndipo kumeneko ndi kumene mwiniwake adzapezeke. Anayang'ananso pepala, anafunsa akalaliki aakulu ngati n'zoona kuti bamboyu sanapumepo, ndipo atamva yankho anatulutsa cholembera. Anasainira pa tebulo langa pomwepo, masiku onse khumi ndi asanu ndi atatu. Pepala lapamwamba ndinaika m'fayilo, la kaboni ndinapatsa amesenjala. Analipinda kanayi n'kuliika m'buku lawo la mapemphero.

Milungu iwiri yoyamba inayenda bwino, ndipo ine ndinkayenda ngati ndapambana mlandu ku khoti. Lachiwiri la mlungu wachitatu kunafika mabogi a katundu wa Khirisimasi, ochuluka kuposa amene tinkayembekeza, ndipo anthu awiri a m'sitolo anali atagona ndi malungo. Kapitawo anatenganso munthu wake. Makalata anaunjikana mu thireyi. Bwana anaitanitsa fayilo, anawerenga adiresi ija, n'kunena kuti Chilobwe si kutali, ndipite ndikawauze amesenjala kuti afike mawa, masiku otsala adzawatenga mu Januwale. Akalaliki aakulu anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ndikanakonda akanandilalatira.

Ndinakwera njinga ya kampani dzuwa likuswa mtengo. Njira yonse ndinkadzitukwana. Ndikanalemba Mulanje, bwezi pano palibe wowasokoneza. Ine ndi chilungamo changa cha pa taipulaita ndinali nditawaika pamene dzanja la bwana limafika. Komabe, ndisabise, mbali ina ya mtima wanga inkafunitsitsa kuiona nyumba imene ndinailemba osaiona.

Adiresi inagwira ntchito yake bwino lomwe. Chigayo, kukhotera kuphiri, mango. Ndinawapeza ali pamwamba, atavula malaya, mlamu wawo ali pambali akumanga udzu ndi luzi. Akazi awo ankaponya mitolo kuchokera pansi. Makoma anali atatha, phaso lonse litamangidwa, koma udzu unali utafika mbali imodzi yokha, ndipo ngakhale imeneyo inali isanakwere pamsonga. Ndinalowa m'kati. Munali zipinda zitatu, pansi posazira, fungo la dothi ndi udzu wouma. Kuyang'ana kumwamba, theka linali mthunzi, theka thambo, ndipo thambolo linali litayamba kuchita mitambo yoyera yotukumuka ya kumapeto kwa chilimwe.

Amesenjala anatsika, anandipatsa moni wa manja awiri, n'kuuza akazi awo kuti awa ndi akalaliki aja. Mayiwo anagwada, anathamangira kukatenga thobwa. Kenako bamboyo anaona njinga ya kampani itatsamira mango, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Andiitana?"

"Kwatsala masiku angati kuti mutsirize?"

"Mulungu akalola, Loweruka. Mutu umodzi susenza denga, akalaliki. Alamuwa okha sangathe, ndipo Lolemba akubwerera kuntchito kwawo." Anapukuta manja pa kabudula. "Koma ngati andiitana, ndibwera. Ndinasaina."

Anali kunena zoona, akanabweradi. Ndinamwa thobwa lija pang'onopang'ono kuti ndipeze nthawi yoganiza. Kunama kuti sindinawapeze sindikanatha, pakuti adiresi ndinailemba ndekha n'kuitchinjiriza pamaso pa bwana. Ndinawafunsa kuti makalata a Blantyre amayamba kuperekera kuti. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi: positi ofesi poyamba, chifukwa mzere umatalika, banki isanakwane nthawi yotseka, masitolo a amwenye masana, ndipo uyu ndi uyu usachoke asanasaine m'buku. Pa ofesi yakuti usalowere khomo lakutsogolo, akubweza.

Nditabwerera ndinauza bwana zonse mmene zinalili, kuti ndawapeza, kuti ali okonzeka kubwera, kuti denga lili theka. Ndinapempha kuti makalata ndinyamule ine mpaka Loweruka, zotaipa ndizichita m'mawa kwambiri ndi madzulo. Anati iye akufuna makalata afike, wonyamula alibe naye ntchito, koma kalata imodzi ikasochera tidzaonana. Akalaliki aakulu anavomera kugwira mafoni a pa tebulo langa, akudandaula mokweza kuti aliyense amve.

Masiku anayi amenewo anandiphunzitsa mtunda wa pakati pa Limbe ndi Blantyre. Kupita n'kotsetsereka, munthu umaimba nyimbo. Kubwerera, chitunda cha ku Chichiri chimakufunsa zimene unadya. Tayi ndinaivula tsiku loyamba lomwe. Anzanga a ku Soche anandiona ndi chikwama pamsana n'kufunsa ngati anditsitsa udindo, ndipo mmodzi anakauza mayi anga. Ndinaimitsidwa pa makomo akumbuyo, ndinadikira pa mabenchi, ndinaitanidwa ndi mluzu ndi anthu amene ndinkawalembera makalata aulemu. Bambo uja anachita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi osapuma, chifukwa cha mawu atatu amene makalaliki tinkangowanena mwachizolowezi. Ndikaganiza zimenezo pa chitunda paja ndinkapalasa ndi ukali.

Lachisanu masana, ndikuchokera ku Blantyre, kunja kunada mwadzidzidzi. Mphepo inanyamula fumbi ndi mapepala, ndipo ndisanafike ku Chichiri mvula inayamba, osati yowaza ija yozimitsa lupsa, koma yeniyeni, ya madontho akuluakulu. Ndinabisala pakhonde la sitolo ina, chikwama ndachikumbatira pachifuwa. Pamenepo phiri la Soche limaoneka bwino. Ndinaliona likuphimbidwa kuyambira pamwamba, mvula ikutsikira mbali ya ku Chilobwe, mpaka phiri lonse linasowa. Amesenjala anati atsiriza Loweruka, ndipo lero linali Lachisanu. Ndinachita mantha ngati nyumbayo ndi yanga. Mvula inagwa mpaka madzulo, inapumira, n'kugwanso mpaka m'mawa.

Loweruka ndinaweruka mochedwa chifukwa cha zotaipa zimene zinaunjikana. Lamulungu ndikanatha kupita, Soche ndi Chilobwe n'kufupi, koma ine amene ndimafuna kudziwa chilichonse, tsiku limenelo ndinaopa kudziwa. Ndinapita kutchalitchi, ndinabwerera, ndinakhala pakhonde.

Lolemba ndinalawira. Ndinawapeza amesenjala ali kale pa geti, yunifolomu yosita, akupopa njinga ndi kudandaula kuti wina waikhwefula tcheni. Anatulutsa pepala la kaboni lija m'buku la mapemphero n'kundionetsa tsiku lobwerera, kuti ndione kuti sanaphonye. M'manja mwawo munali mabala a udzu ndi luzi.

"Bambo, za tsiku ndaziona. Denga?"

Anati ataona mitambo Lachinayi anakagogoda kwa anzawo a mumpingo, ndipo Lachisanu m'mawa pamwamba panali amuna asanu. Msonga anaumanga madontho oyamba akuwamenya pamsana. Akazi awo sanakhulupirire denga lofolera mothamanga chotero. Anakana kubwerera kwa mlamu, analowetsa ana ndi mphasa m'nyumba yosazirayo, n'kutenga beseni kumayenda nalo chipinda ndi chipinda, maso ali kumwamba, kufunafuna podontha.

"Ndiye anapapeza pati?"

"Anazungulira nalo mpaka anatopa, akalaliki. Kutacha anatuluka nalo panja kukatungira madzi a m'mbiya, chifukwa m'besenimo munalibe ngakhale dontho loti ana asukusule."